Mipando 10, zipangizo 12, ndi seva ya ku Joni

Pa peji ya mitengo ya VPN iliyonse pali manambala awiri amene maso athu amalumpha chifukwa athamangira pa mtengo. Yoyamba ndi ya zipangizo zimene pulani ilola kulumikiza panthawi imodzi. Yachiwiri ndi ya maiko amene pulani imeneyo ikutsegulirani. Mtengo timauona kamodzi pamwezi, tsiku losonkha. Manambala awiriwa timakhala nawo tsiku lililonse, ndipo ndi amene amagamula ngati mnzathu wogwira ntchito pa intaneti alowe pa mitingi yake ya 20 awazi kapena akhale panja akuyang'ana kachizindikiro kozungulira.

Ambiri a ife tinayamba kudziwa VPN pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, pamene WhatsApp ndi Facebook zinaleka kutseguka. Tsiku limenelo nkhani ya malire inalibe ntchito. Foni inali imodzi m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo dziko lililonse linali bwino malinga si kuno. Apu yaulere iliyonse inagwira. Chizolowezi chimene tinatenga tsiku lija ndi choganiza kuti VPN ndi batani chabe, ukalidina latha. Manje zinthu zasintha. Tikhala anthu 6 m'bodingi hausi imodzi ku Kalingalinga, tisonkha ndalama ya pulani imodzi yolola zipangizo 10, ndipo m'nyumbamo muli mafoni 6, malaputopu 4, kabokosi ka TV ndi tabuleti imodzi. Zonse pamodzi ndi 12. Pa masamu a ku pulaimale vuto ndi la zipangizo 2 chabe, koma si mmene zimayendera.

Choyamba kudziwa ndi chakuti makampani sawerenga mofanana, olo nambala ikhale yofanana. Ena amawerenga ngati kondakita wa minibasi. Iye alibe nazo kuti ndi anthu angati amene amakwera basi yake pa sabata, awerenga chabe amene akhala pa mipando pakali pano. Wina akatsika, mpando wapezeka. Pa pulani yotere mungaike apu pa zipangizo 30 ngati mufuna, ndipo palibe adzakufunsani mpaka cha nambala 11 chitayesa kulumikiza 10 zina zili kale mkati. NordVPN imawerenga motero, ndipo mu 2024 inakweza malire ake kuchoka pa 6 kufika pa 10. Proton VPN yolipira nayo ili pa 10.

Ena amawerenga ngati landilodi amene anadulitsa makiyi 5 a pageti. Kiyi ikakhala m'thumba mwanu ndi yanu, kaya muli m'nyumba, kaya munapita ku Chipata miyezi iwiri yapitayo. Mullvad ndi chitsanzo choonekeratu. Mtengo wake ndi ma yuro 5 pamwezi, zipangizo ndi 5, ndipo chipangizo chilichonse chikalowa mu akaunti chimapanga kiyi yake ya WireGuard ndi kupatsidwa kadzina koseketsa ka mawu awiri, lachiwiri la nyama. Kiyi imeneyo imakhalabe pa akaunti foni ikazima, ikabedwa m'tauni, kapena mukafufuta apu osayamba mwatuluka mu akaunti. Mukaikanso apu, imapanga kiyi yatsopano, yakale ikadali pamndandanda. Munthu mmodzi wokonda kufulasha foni angadye malo 3 ali yekha. Chipangizo cha 6 chikafika, sikirini imalemba `Too many devices` ndi kukuonetsani mndandanda woti muchotsepo chimodzi. Apa m'pamene anthu osonkherana amayambanirana, chifukwa maina aja satchula mwini wake. Uchotsa limene uganiza kuti ndi foni yako yakale, kumeneko wachotsa laputopu ya mnzako ali pakati pa ntchito. Gulu lililonse logawana akaunti yotere lifunika kalisiti kolemba kuti dzina lakuti ndi foni ya uje, ndipo kalisitiko kazilembedwa tsiku lolowa, osati tsiku la mkangano.

Njira yodziwira kuti kampani yanu ndi kondakita kapena landilodi ndi yapafupi. Zimitsani VPN pa chipangizo chimodzi, dikirani pang'ono, yesani china. Chikalowa, awerenga mipando. Chikakanidwabe mpaka mutachotsa dzina pamndandanda, awerenga makiyi. Ife sitinena kuti njira ina ndi yabwino kuposa inzake. Kwa anthu 6 okhala ndi zipangizo 12, kondakita atikomera. Kwa munthu mmodzi wofuna kuona ndi maso ake chilichonse chimene chili pa akaunti yake, landilodi ali bwino, chifukwa mlendo sangabisale pamndandanda wa zinthu 5.

Pulani yathu ndi ya kondakita, ndiye tiyeni titenge madzulo amodzi tiwerenge. Nthawi ndi 19:45. Mafoni onse 6 ali pa VPN, osati chifukwa eni ake akuifuna nthawi imeneyo, koma chifukwa pa Android pali kosankha kolembedwa `Always-on VPN`, ndipo ukakayatsa foni imalumikiza yokha nthawi zonse, olo ili pa chaja pansi pa pilo. Mipando 6 yapita. Malaputopu 3 ali otsegula, yakwana 9. Kabokosi ka TV kali pa bola, 10. Basi yadzala. Kenako malaiti apita. Rauta yazima, TV yazima, kabokosi kazima. Mnzathu wa mitingi ya 20 awazi atsegula laputopu yake, ya nambala 4, ailumikiza pa hotisipoti ya foni, adina batani la VPN imene kasitomala wake amafuna kuti azigwiritsa ntchito akamatsegula mafailo. Apu ikana, ikuti zipangizo zachuluka. Iye awerenga ndi zala mumdima: mafoni 6, malaputopu 3, ndi 9. TV yafa. Nanga cha 10 ndi chiti?

Cha 10 ndi kabokosi komweko. Chipangizo chikazima mwadzidzidzi sichitsazika. Seva ili ku Ulaya kapena ku Joni ilibe njira yoonera kuti ku Kalingalinga kwada, imangoona kuti mbali ino kwakhala chete, ndipo chete angatanthauze kuti munthu wangoleka kaye kudina. WireGuard, imene maapu ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito mkati, ilibe ndi uthenga woti ndatuluka. Mbali ziwiri zikamatumizirana zinthu zimapatsananso moni wa makiyi pafupifupi masekondi 120 aliwonse, ndipo makiyi a moni wakale amasiya kulandiridwa pakapita masekondi 180. Ndiye kampani yowerenga mipando imadikira kuti chete atalike isananene kuti munthu uyu watsika. Kampani iliyonse imaika nthawi yake yodikira, koma ndi nkhani ya maminiti angapo. Mpando umene uli ndi chipangizo chakufa ife timautcha wa chipuku.

Mankhwala ake ndi awiri, ndipo onse ndi aulere. Kudikira maminiti 5, kapena kupempha wina adine batani lotuluka pa foni yake. Kutuluka ndi batani kumapatsa apu mpata wouza kampani kuti mpando wamasuka, choncho kawirikawiri kumafulumira kuposa kudikira. Usiku wotere mawu amamveka m'korido ndi akuti, "Mune, zimyako VPN pa foni, ndili ndi mitingi." Chimene sichithandiza ndi kudina batani lolumikiza kakhumi motsatizana, kapena kufufuta apu ndi kuiikanso. Pa kampani ya makiyi kuikanso apu ndiko kumaonjezera vuto.

Chipuku chili ndi ntchito ina yabwino: chimathandiza kugwira mlendo. Ngati mwadikira maminiti 10, mwawerenga bwinobwino zipangizo za m'nyumba ndi kupeza 9, koma cha 10 chikanidwabe, si chipuku chimenecho. Pali munthu wamoyo kwinakwake amene ali ndi pasiwedi yanu. Pasiwedi yogawana imayenda ngati mbale ya ndiwo pamaliro. Wina apatsa chibwenzi chake ku Kitwe, chibwenzi chipatsa mng'ono wake, ndipo mng'onoyo ali ndi `Always-on VPN`. Palibe waba, aliyense anangothandiza mnzake, koma mpando wapita usana ndi usiku. Kusintha pasiwedi kokha nthawi zina sikukwanira. Apu imene inalowa kale ingapitirize kugwira ntchito chifukwa sifunsa pasiwedi tsiku lililonse. Muyenera kulowa pa webusaiti ya akaunti, kupeza pamene pali mndandanda wa zipangizo kapena wa malowedwe, ndi kutulutsa onse. Makampani ngati Proton ndi NordVPN amaperekanso dzina ndi pasiwedi zina zapadera zoikira VPN pamanja popanda apu yawo, ndipo zimenezo ndi zosiyana ndi pasiwedi ya akaunti. Ngati zinatuluka m'nyumba, nazonso zifunika kuziyang'ana pazokha.

Pali nzeru ziwiri za m'komboni zozembera malire zimene timamva kawirikawiri, ndipo zonse zimagwa. Yoyamba ndi ya hotisipoti. Munthu aganiza kuti foni yake ikakhala pa VPN, laputopu imene yalumikiza pa hotisipoti ya foniyo nayo yabisika, ndiye mpando umodzi wanyamula awiri. Pa mafoni ambiri, a Android ndi a iPhone omwe, sizili choncho. VPN imatenga za maapu a m'foni momwemo, pamene za zipangizo zolumikiza pa hotisipoti zimadutsa pambali kupita ku netiweki mwachindunji. Kakiyi kaoneka pamwamba pa sikirini ya foni, munthu mtima uli m'malo, koma laputopu ili poyera. Kuyesa n'kosavuta. Pa laputopu tsegulani teminolo mulembe:

```
curl ifconfig.me
```

Ikupatsani adiresi imene mawebusaiti akuona. Tsegulani `ifconfig.me` yomweyo pa burauza ya foni. Manambala akasiyana, laputopu siili m'kati.

Nzeru yachiwiri ndi ya anzathu a makompyuta. Atenga failo imodzi ya WireGuard, ija yothera ndi `.conf`, ndi kuikopera pa malaputopu awiri, poganiza kuti kampani ikaona kiyi imodzi iwerenga chipangizo chimodzi. Iwerengadi chimodzi. Vuto ndi lakuti seva imatumiza mayankho a kiyi iliyonse ku adiresi imene yalankhula komaliza. Laputopu yoyamba ikapempha peji, yachiwiri n'kulankhula mayankho asanafike, mayankho a woyamba apita kwa wachiwiri. Zotsatira zake n'zodziwika: VPN ionetsa kuti yalumikiza, palibe uthenga wa vuto, koma intaneti igwira masekondi ochepa, ifa, ibwera, ifanso, ndipo imakhala bwino mnzako akangotseka laputopu. Ambiri amanamizira netiweki. Mukaona intaneti yanu ichira nthawi iliyonse mnzanu akapita kukasamba, funsani ngati muli pa failo imodzi.

Njira imene imagwiradi, ndipo makampani amaivomereza, ndi rauta. VPN ikaikidwa pa rauta, kampani imaona chipangizo chimodzi, olo kumbuyo kwake kuli 8. M'nyumba ngati yathu, malaputopu 4, kabokosi ka TV ndi tabuleti zingakhale pa mpando umodzi, mafoni 6 pa mipando yawo chifukwa amatuluka panja, zonse n'kukwana 7, kutsala 3. Koma rauta ili ndi mitengo yake. Marauta ambiri amene amabwera ndi laini, pamodzi ndi tumaifai ta m'thumba, alibe poikira VPN, ndiye pafunika kugula ina yapadera. Rauta yotchipa ili ndi kaubongo kofooka, ndipo ntchito yobisa chilichonse chodutsa imaichedwetsa, makamaka pa OpenVPN. Malaiti akapita imapita nawo. Ndipo chachikulu, nyumba yonse imatulukira dziko limodzi. Wa bola akafuna ku Britain, wa apu ya banki nayenso aoneka ngati ali ku Britain, ndipo mabanki ndi maakaunti a imelo sakonda munthu amene m'mawa anali ku Lusaka, masana ali ku London. Angakufunseni makodi otsimikizira, kapena kutseka kaye.

Zimenezi zatifikitsa pa nambala yachiwiri ija, ya maiko, imene ife tiona kuti kwa munthu wa ku Zambia ndi yofunika kuposa yoyamba. Zotsatsa zimati maiko opitirira 100. Nambala imeneyo ndi ya pulani yolipira, ndipo olo pa yolipira, maiko 95 mwa amenewo simudzawadina mpaka kalekale. Funso lenileni ndi laling'ono: kodi pulani iyi ili ndi seva ku South Africa, ndipo kodi ndiloledwa kuisankha ndekha?

Chifukwa chake ndi mtunda. Kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi, ndipo palibe pulani, yodula bwanji, imene ingakuthamangitse. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,200. Kupita ndi kubwera ndi 2,400, ndiye mamilisekondi 12. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Amsterdam, molunjika ngati mbalame, ndi pafupifupi 7,900. Kupita ndi kubwera ndi mamilisekondi 79. Amenewa ndi manambala apansi penipeni, amene simudzawaona pa foni yanu, chifukwa dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, zingwe zimayamba zadutsa m'maiko oyandikana nawo kukafika kugombe, kenako n'kuzungulira Afirika pansi pa madzi, ndipo netiweki ya foni imaonjezerapo zake.

Manje onani zimene zimachitika mukatsegula chinthu chimene seva yake ili ku Joni, monga zilili ndi masewera ena a pa intaneti ndi makampani akuluakulu amene anamanga nyumba zawo za maseva ku South Africa. Popanda VPN, kapena ndi VPN yotulukira ku Joni komweko, ulendo ndi wa makilomita 1,200 aja. Ndi VPN yotulukira ku Amsterdam, pempho lanu lipita kaye makilomita 7,900 kumpoto, kenako libwerera makilomita pafupifupi 9,000 kum'mwera kuti lifike ku Joni, ndipo yankho lidzera njira yomweyo. Zonse pamodzi ndi makilomita 33,800, kutanthauza mamilisekondi 169 pamalo pa 12. Zili ngati kuchoka ku Kabwata kupita ku Chilenje kudzera ku Ndola. Pa kudawuniloda failo yaikulu mwina simungadandaule kwambiri. Pa masewera mufa musanaone wokuomberani, ndipo pa foni ya vidiyo mumayamba kulankhulira pamodzi ndi mnzanu, aliyense n'kumati "pitirizani, pitirizani."

Izi sizitanthauza kuti Joni ndi yankho nthawi zonse. Lamulo ndi lakuti seva ya VPN ikhale panjira imene mukanadzera kale. Mnzathu wa mitingi uja, kasitomala wake ali ku Manchester, ndiye seva ya ku London siimuonjezera ulendo wambiri, chifukwa zinthu zake zimapita komweko kale. Kwa iye pulani yopanda Britain ndi yopanda ntchito, olo ikhale ndi zipangizo 50. Kwa wamasewera, pulani yopanda South Africa ndi chimodzimodzi. Anthu 6 osonkha pamodzi afunika kukhala pansi aliyense atchule dziko limodzi limene alifunadi. Mndandanda wathu unatuluka ndi maiko 3 chabe.

Mapulani aulere ndi pamene malire a maiko amaluma. Proton VPN yaulere ndi imodzi mwa zochepa zimene ife timazikhulupirira, chifukwa siika malire pa deta ndipo kampani yake ndi yodziwika. Koma imalola chipangizo chimodzi chabe panthawi imodzi, ndipo kwa zaka zambiri maiko ake aulere anali 3: America, Netherlands ndi Japan. Pambuyo pake anaonjezera ena monga Poland ndi Romania, koma anasinthanso kachitidwe kuti apu izikusankhirani yokha seva. Pali batani losinthira, limene limakuponyani pa ina mwamwayi, ndipo mukalidina muyenera kudikira musanalidinenso. Kwa munthu wa ku Berlin, Netherlands ndi pakhomo. Kwa ife ndi makilomita 7,900, ndipo tsiku limene mwagwera ku Japan ndi opitirira 12,000. Windscribe inatenga njira ina: yaulere imapereka magigabaiti 10 pamwezi mukatsimikizira imelo, maiko ochepa, koma siwerenga zipangizo. Ilinso ndi pulani yodzipangira wekha, yolipira dola imodzi pamwezi pa dziko lililonse limene wasankha, ngakhale pali ndalama yochepetsetsa imene uyenera kufikapo. Kwa gulu lofuna maiko 3 chabe, kagulitsidwe kotere n'koyenera kukaganizira. Surfshark ndi Private Internet Access nazo sizika malire pa zipangizo pa mapulani awo olipira. Mawu akuti zopanda malire asakunyengeni kuti mungagawire koleji yonse. M'malamulo a makampani otere mumakhala ndime yoletsa kugulitsa kapena kumwaza akaunti, ndipo ikatsekedwa, amene ataya ndi amene analipira zaka ziwiri pasadakhale. Manambala onsewa amasintha chaka ndi chaka, nthawi zambiri mokwera, ndiye peji ya mitengo ya tsiku limene mugula ndi imene ili ndi mawu omaliza.

Palinso kanthu kena m'mndandanda wa maiko kamene kamasokoneza. Mbendera imene muona pa apu siinena kumene kompyuta ili, imanena chabe kumene adiresi yake inalembetsedwa. Makampani amatha kuika makina ku Ulaya n'kuwapatsa adiresi yooneka ngati ya dziko lina. Nkhani yodziwika ndi ya India. Mu 2022 boma la kumeneko linalamula makampani a VPN kuti azisunga mbiri ya makasitomala awo, ndipo ExpressVPN, Surfshark ndi NordVPN anachotsa makina awo m'dzikomo. ExpressVPN inapitiriza kupereka India pamndandanda, koma makina ali ku Singapore ndi ku Britain, ndipo inanena poyera. Palibe chinyengo pamenepo ngati akuuzani. Maiko ambiri a mu Afirika pa mindandanda yaitali ija amakhala a mtundu womwewu. Ngati chimene mufuna ndi chakuti webusaiti ikuoneni ngati muli m'dziko lakutilo, seva yotere igwira ntchito. Ngati mwaisankha chifukwa pamapu ioneka pafupi, mungapeze kuti mwapita ku Ulaya osadziwa.

Makampani ena amaika kachizindikiro pa maseva otere kapena amawalemba pa peji yawo ya thandizo. Ngati sanatero, mtunda womwe uja ndi mboni. Pezani adiresi ya seva, zimitsani VPN, mulembe izi, m'malo mwa nambala yachitsanzoyi muikemo ya seva yanu:

```
ping -c 10 203.0.113.7
```

Pa Windows ndi `-n` m'malo mwa `-c`. Yang'anani nambala yaing'ono kwambiri mwa 10 zimene zatuluka, osati yapakati, chifukwa yaing'onoyo ndi imene ili pafupi ndi mtunda weniweni. Chitani katatu: pa seva ya ku Joni, pa ya ku London, ndi pa imene muikayikira. Ikafanana ndi ya ku London pamene mbendera ndi ya dziko loyandikana nafe, mwadziwa kumene zinthu zanu zikupita. Nambala yaing'ono ndi umboni wolimba kuti seva ili pafupi, chifukwa palibe chothamanga kuposa kuwala. Nambala yaikulu payokha siitsimikiza kuti makina ali kutali, chifukwa nthawi zina maiko awiri oyandikana a mu Afirika amalankhulana kudzera ku Ulaya. Koma kwa inu wogwiritsa ntchito, kusiyanako kulibe phindu: kaya makina ali kutali, kaya njira ndi yokhota, kuchedwa ndi komweko. Maseva ena sayankha `ping` n'komwe. Zikatero lumikizani pa seva iliyonse payokhapayokha ndi kuyesa webusaiti imodzimodzi, n'kuyerekeza.

Makampani akuluakulu ambiri amalonjeza kubweza ndalama m'masiku 30 oyamba, ndipo masiku amenewo ife timawatenga ngati nthawi ya mayeso, osati ya chikondwerero. Sabata yoyamba timadzaza dala mipando yonse kuti tione chimene chimachitika cha 11 chikagogoda. Apa makampani amasiyananso: ena amakana watsopano, ena angalole watsopano n'kugwetsa wina amene anali kale mkati. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa munthu amene ali pa mitingi. Ngati kampani ikana watsopano, iye akangolowa msanga ndi wotetezeka. Ngati igwetsa wakale, mng'ono wa chibwenzi cha mnzake ku Kitwe angamutulutse pakati pa chiganizo. Timazimitsanso rauta dala n'kuwerenga pa wotchi kuti chipuku chimakhala maminiti angati. Kenako timayesa maiko athu 3 aja madzulo, pakati pa 19 ndi 22 awazi pamene aliyense ali pa netiweki, osati m'mawa kuli zii. Ngati munagula kudzera pa sitolo ya maapu ya Apple, dziwani kuti kubweza ndalama kumadzera kwa Apple, osati kwa kampani ya VPN, ndiye amene ali ndi khadi ndi bwino agule pa webusaiti.

Panyumba pathu tinagwirizana zinthu zochepa, zolembedwa pa pepala lomata pa fuliji. Aliyense ali ndi mpando umodzi wake, foni kapena laputopu, asankhe yekha. Yakwana 6. Mnzathu wa mamitingi ali ndi wachiwiri, ndipo amasonkha magawo awiri, chifukwa iye VPN imamudyetsa pamene enafe imatisangalatsa chabe. Kabokosi ka TV kali ndi umodzi, koma `Always-on VPN` pa iko ndi yozimitsa, kamalumikiza bola ikayamba. Yakwana 8. Iwiri yotsalayo ndi ya aliyense wofuna chipangizo chachiwiri kwa kanthawi, ndipo pakati pa 19:30 ndi 21 awazi umodzi mwa iwiriyo sukhudzidwa, umadikira tsiku limene malaiti apita kabokosi kali pa bola. Pasiwedi ili ndi munthu mmodzi, wamkulu wathu wa chaka chomaliza, ndipo wofuna kulowa amabweretsa foni kuchipinda kwawo kuti ailembe okha. Wina anadandaula kuti zimenezi zili ngati kukapempha kiyi ya kusitolo kwa amatroni. Iwo anangoti, "Bweretsani foni, asisi, ndilembe," ndipo analemba atatembenuzira sikirini kukhoma.